Ngongole ya K600,000 imene sinafike: nkhani ya mayi wa geni ya usipa ku Mangochi

Lipotili talilembera anzathu ogwira ntchito pa kauntala m'ma SACCO, alangizi a magulu a banki m'khonde ndiponso maejenti a ndalama za pa foni. Mwini nkhani anavomera kuti ilembedwe, bola dzina lake ndi la mudzi wake zisatchulidwe.

Mwini nkhani

Ndi mayi wa zaka za m'ma 40 amene amapikula usipa pa madoko a cha ku Makawa, n'kuuyanika pa thandala, kenako n'kupita nawo ku Limbe kawiri pa mwezi. Ndi membala wa SACCO yathu kwa zaka 3, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi K110,000 m'buku lake. Alinso m'gulu la banki m'khonde la amayi 20 kumudzi kwawo. Amadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo masamu a geni amawadziwa kuposa ambiri a ife. Tikunena izi dala, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti amene amaberedwa motere ndi mbuli. Nkhaniyi isanachitike, mayiyu anali asanabwezepo ngongole mochedwa ngakhale kamodzi.

Chimene chinamupanikiza ndi mpamba. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta a boti, maukonde ndi thiransipoti zinakwera, ndipo ndowa ya usipa pa doko inakwera nazo. Ndalama imene kale inkadzaza matumba ambiri inayamba kugula ochepa. Mwera wa 2024 utaleka, usipa unayamba kutuluka bwino, ndipo iye ankaonerera anzake a mpamba waukulu akusesa nsomba zonse m'mamawa iye atangogula pang'ono. Ankafuna K600,000, ndipo ankaifuna mdima wa mwezi umenewo usanathe, popeza mwezi ukayamba kuwala usipa subwera pa nyali ndipo mtengo umakwera.

Masiku asanu

Lolemba, pa gulu la WhatsApp la ochita geni ya nsomba panafika uthenga wa ngongole yachangu: K100,000 mpaka K2,000,000, yopanda chikole, yotuluka tsiku lomwelo, chiwongoladzanja 10 peresenti pa chaka. Panali chizindikiro cha bungwe lina lobwereketsa ndalama lodziwika bwino, limene lilinso ndi nthambi pa boma. Mayiyu anaimba nambala imene inali pamenepo. Anayankha bambo wolankhula mwaulemu amene anati ndi ofisala wa ngongole. Anapempha chithunzi cha chitupa cha unzika mbali zonse ziwiri, chithunzi cha nkhope yake, ndi dzina la geni. Pasanathe ola, kalata inafika pa foni, ya chidindo ndi siginecha, yonena kuti K600,000 yavomerezedwa ndipo azibweza K55,000 pa mwezi kwa miyezi 12. Chotsala chinali K18,000 ya fomu ndi kulembetsa. Anatumiza madzulo omwewo kudzera mwa ejenti.

Lachiwiri ndalama sinabwere. Bamboyo anaimba yekha, kupepesa, n'kunena kuti ngongole iliyonse imafuna inshuwalansi ya 7 peresenti, kuti wobwereka akamwalira ana asavutike. Imeneyi inali K42,000, ndipo anapereka nambala ina, ati ya wosunga ndalama wa ofesi. Mayiyu anatumiza kuchokera pa mpamba wa geni.

Lachitatu m'mawa pa foni pake panalowa uthenga wachingerezi wonena kuti walandira K600,000 koma ndalamayo yagwidwa kaye podikira msonkho. Bamboyo anati msonkhowo ndi 10 peresenti, K60,000. Mayiyu analibe ndalama imeneyo pamanja, choncho anapita kwa msungichuma wa banki m'khonde n'kubwereka K60,000 yobweza K72,000 pakutha pa mwezi. Anauza gululo kuti akufuna kuwonjezera katundu. Apa ndalama zonse zimene anatumiza zinakwana K120,000.

Lachinayi foni ya bamboyo inali yozima tsiku lonse. Lachisanu anaimba m'mawa ndi mawu achisoni: akuluakulu akana kutulutsa ndalamayo popanda chikole cha 15 peresenti, K90,000, imene idzabwezedwa ngongole ikatha. Ikapanda kufika pofika 4 koloko, fayilo itsekedwa ndipo zonse zimene analipira zipita. Ndi m'mawa umenewo pamene mayiyu anakwera minibasi kubwera pa boma kudzatapa K90,000 m'buku lake.

Pa kauntala

Wa pa kauntala anaona zinthu ziwiri. Mayiyu anali asanatapepo ndalama yoposa K20,000 pa kamodzi, ndipo foni yake inalira katatu ali pa mzere, iye n'kumayankha kuti, "Ndili pa mzere bwana, ndikutumiza posachedwa." Anamufunsa mwaulemu kuti, "Mayi, kodi zili bwino kunyumba?" Mayiyu anayankha mosangalala kuti akukalipira chikole cha ngongole. Wa pa kauntalayo anamupempha kuti ayambe wakhala pansi ndi mlangizi wa ngongole kwa mphindi zochepa.

Tinagwirizana zinthu ziwiri tisanayambe kucheza naye. Choyamba, ndalama ya m'buku ndi yake, ndipo tilibe mphamvu yomukaniza kutapa. Tinamuuza zimenezi poyambirira penipeni kuti asaone ngati tamutchera msampha. Chachiwiri, sitinena mawu oti "akuba" mpaka iye atawanena yekha. Munthu amene walipira kale K120,000 safuna kumva kuti yapita, ndipo ukamuuza mwachindunji amayamba kuikira kumbuyo amene akumuberayo. Amatuluka, amakatapa kwina, amatumiza. Komanso mayiyu akanatha kuganiza kuti tikungochita nsanje chifukwa wapeza ngongole yotchipa kuposa yathu, ndipo pambuyo pake anatiuza kuti ndi zimene anaganizadi poyamba.

Choncho tinamupatsa pepala ndi cholembera kuti alembe yekha tsiku, ndalama ndi nambala ya malipiro aliwonse. Atawonkhetsa K18,000, K42,000, K60,000 ndi K90,000 imene ankafuna kutumizayo, anapeza K210,000. Pa ngongole ya K600,000, imeneyi ndi 35 peresenti, yolipira asanagwire ngakhale tambala. Anayang'ana pepalalo kwa kanthawi osalankhula. Bamboyo ankamupatsa ziwerengerozi chimodzichimodzi, tsiku lililonse chake, ndipo chilichonse ankachitcha chomaliza. Zonse pamodzi anali asanazionepo.

Zimene tinapeza pa foni

Tinayamba ndi mauthenga otsimikiza kutumiza ndalama. Kaya ndi Airtel Money kaya Mpamba, uthenga wotere umasonyeza dzina la mwini nambala imene yalandira, pamodzi ndi nambala ya malipirowo. Malipiro a Lachiwiri anapita kwa dzina la mkazi, a Lachitatu kwa dzina la mwamuna wina, losiyana ndi limene bambo uja anadzitchula. A Lolemba tinawapeza m'buku la ejenti patapita masiku, ndipo anali dzina lachitatu. Palibe malipiro amene anapita ku dzina la bungwe. Mabungwe enieni nawonso amalandira ndalama kudzera pa foni, koma amakhala ndi nambala ya bizinesi imene imatulutsa dzina la bungwelo, ndipo ofisala saloledwa kulandira ndalama za makasitomala pa nambala yake.

Kenako uthenga wa K600,000 yogwidwa uja. Unachokera pa nambala wamba ya manambala 10, ndipo unakhala pawokha m'foni, osati m'ndandanda wa mauthenga ena a kampani ya foni. Tinamupempha kuti aone yekha ndalama zotsala mu akaunti yake, zimene munthu amachita poimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM. Munali K2,350 basi. Ndalama ya pa foni ikatumizidwa imalowa kapena imakanika, siyimirira pakhomo kudikira kuti wolandira alipire kaye. Za msonkhozo n'zabodza kawiri: ngongole si phindu loti munthu alipirepo msonkho polandira, ndipo bungwe lotolera misonkho silitolera pa nambala ya munthu.

Kalata ija inatitengera nthawi chifukwa inali yokongola ndithu, chikomekome cha mkuyu. Chizindikiro chinali cha bungwe lenileni, koma dzina lolembedwa pansi pake linali ndi liwu limodzi lowonjezera. Panalibe dzina la msewu kapena nyumba, koma bokosi la positi lokha, ndipo imelo inali ya Gmail. Ngati umboni woti ndi ovomerezeka, bamboyo anatumizanso chithunzi cha chikalata cholembedwa Certificate of Incorporation. Anzathu ambiri amasokonezeka pamenepa. Chikalata chimenechi, ngakhale chikhale chenicheni, chimangosonyeza kuti kampani inalembetsedwa ku boma, ngati mmene kampani yogulitsa simenti imalembetsera. Chilolezo chobwereketsa ndalama kwa anthu ndi china. Pansi pa malamulo a 2010 oyendetsera mabungwe azachuma ndi a ngongole zing'onozing'ono, komanso lamulo la 2011 la ma SACCO, chilolezocho chimachokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa banki yaikulu ya Reserve. Mawu amenewa ndi amene muyenera kuwafunafuna pa chiphaso, ndipo bungwe lenileni limachipachika pakhoma pamene kasitomala angachione. Banki yaikuluyi imatulutsa mndandanda wa mabungwe amene inawapatsa chilolezo, ndipo dzina la liwu lowonjezera lija munalibe.

Koma mndandanda pawokha sukwanira. Akanakhala kuti analemba dzina la bungwelo ndendende, tikanalipeza pa mndandanda n'kupusitsika. Funso lachiwiri ndi lakuti kodi munthu amene ukulankhula nayeyu ndi wa bungwelo? Limeneli siliyankhidwa poimba nambala imene iye wakupatsa. Mlangizi wathu ndi mayiyu anayenda wapansi kupita ku nthambi ya bungwe lenileni lija, ulendo wa mphindi 10. Mkulu wa nthambiyo anaona kalatayo n'kunena kuti dzina la ofisalayo sakulidziwa, chidindo si chawo, ndipo mayiyu sanali woyamba kubwera ndi kalata yotere.

Chiwongoladzanja nacho chinali chizindikiro chooneka kuyambira Lolemba. M'chaka cha 2024 banki yaikulu inali itaika mlingo wake wa chiwongoladzanja pa 26 peresenti pa chaka. Bungwe limene lingabwereketse munthu wosamudziwa, wopanda chikole, pa 10 peresenti pa chaka, ndiye kuti likugulitsa ndalama motchipa kuposa mmene likuigulira. Titafotokoza motere mayiyu anamva msanga, chifukwa palibe amene amapikula ndowa ya usipa pa mtengo wokwera kuti akaigulitse motsika ku Limbe.

Foni ya pa sipika

Atabwerera ku ofesi anali akadali ndi kachiyembekezo. Anati mwina ofisalayo ndi wa ku likulu, a pa nthambi sangamudziwe. Sitinamutsutse. Tinamupatsa mafunso awiri oti afunse yekha, foni ili pa sipika, ife tili chete.

"Bwana, K90,000 ndilibe. Bwanji mungodula pa K600,000 pomwepo, munditumizire K510,000?"

Bamboyo anati makina a kampani salola, chikole chimayenera kulowa kaye.

"Ndiye ndiuzeni pamene pali ofesi, ndibwere nayo pamanja mundipatse lisiti."

Anati ofesi ili ku Lilongwe, nthawi yatha, ndipo ngati mayi sakumukhulupirira angonena. Kenako mawu anasintha. Anati popeza anasaina kale, akakana ngongoleyo amutengera ku khoti ndipo dzina lake liperekedwa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole kuti asadzabwerekenso kulikonse. Mayiyu anali asanasainepo chilichonse. Pamapeto bamboyo anatsitsa: atumize K40,000 yokha, yotsalayo aikapo iye ngati m'bale. Apa mayiyu anadula foni yekha n'kunena chapansipansi kuti, "Andiponda."

Funso loyamba lija ndi limene timalidalira kwambiri. Wobwereketsa weniweni ndalama ali nayo m'manja, choncho kudula zolipira zake pa ngongoleyo sikumuvuta, ndipo ambiri amachita zimenezo. Wachinyengo alibe K600,000 yoti adulepo, ndiye ayenera kupeza chifukwa choti ndalama ichoke kwa iwe. Kutsitsa mtengo kuja nakonso kumaulula: chikole cha bungwe chimalembedwa m'malamulo ake, ofisala sangachinenerere ngati tomato.

Pamene lamulo lachidule limalephera

Pa misonkhano ya magulu timakonda kuphunzitsa kuti aliyense wofuna ndalama ngongole isanatuluke ndi wakuba. Mayiyu anatiyankha bwino pa mfundo imeneyi: "Nanga inuyo simunandiuze kuti ndigule masheya ndi kusunga kaye ndisanabwereke?" Ananena zoona, ndipo ndi chifukwa chake chikole cha 15 peresenti sichinamudabwitse. SACCO imafuna ndalama yolowera, masheya ndi zosunga. Mabungwe ena a ngongole za m'magulu amafuna kuti gulu lisungitse gawo lina la ngongole ngati chikole ndalama isanatuluke. Ena amagulitsa fomu. Achinyengo amabwereka mawu omwewa, inshuwalansi, chikole, fomu, chifukwa anthu anawamvapo m'maofesi enieni. Tikamaphunzitsa lamulo limene anthu akudziwa kuti ife eni sitilitsata, amalitaya lonse.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kumene ndalamayo ikupita ndi chimene chikutsala m'manja mwako. K110,000 ya mayiyu ili m'buku la dzina lake, ili ndi malisiti, ndipo ngongole ikakanika ikadali yake. Ndi ndalama imene anabwera kudzatapa tsiku limenelo. K120,000 ija inapita ku mayina atatu a anthu osawadziwa, popanda lisiti. Kusiyana kwina ndi nthawi imene umauzidwa. Bungwe lenileni limakuuza zolipira zonse pa pepala limodzi usanasaine, ndipo chiwerengero sichikula mawa. Kusiyana kwachitatu ndi kumene anthu sakukonda: wobwereketsa weniweni amavuta. Amafunsa mabuku a geni, amabwera kudzaona thandala ndi nyumba, amafuna mboni, amafufuza ngongole zako zina, ndipo amatha kukukana kapena kukupatsa theka. Amatero chifukwa ndalama yake ndi imene ili pa chiswe. Munthu amene wakuvomereza K600,000 pasanathe ola, asanakumane nawe maso ndi maso, sakuopa kutaya kanthu chifukwa palibe chimene akufuna kupereka.

Tisasokonezenso nkhaniyi ndi katapila. Wa katapila ndalama amaperekadi, vuto lake ndi chiwongoladzanja chopha ndi kulanda katundu. Amenewa ndi matenda ena.

Zimene tinachita, ndi pamene tinalakwitsa

Tinajambula mauthenga onse a WhatsApp, kalata, manambala atatu aja ndi nambala za malipiro, n'kusindikiza makope awiri. Tinamuuza kuti asafufute kanthu komanso asamukalipire bamboyo. Tinamufunsa ngati anaperekapo nambala yachinsinsi ya akaunti yake kapena manambala obwera pa uthenga. Anati ayi, komabe tinamuthandiza kusintha nambala yachinsinsiyo pomwepo. Masana anakadandaula ku polisi ya pa boma ndipo analandira nambala ya dandaulo lake. Kupeza ndalama mwa kunamiza munthu ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ngakhale munthuyo anatumiza ndi manja ake, ndipo izi tinamuuza momveka chifukwa ankaopa kuti apolisi amuseka.

Cholakwa chathu choyamba chinali pa dongosolo. Tinadikira kalata ya polisi tisanadziwitse kampani ya foni, ndipo tinafika kumeneko Loweruka m'mawa. Tikanayenera kuimbira kampaniyo mphindi yomwe tinatsimikiza, tili naye pampando, kalata ya polisi n'kutsatira pambuyo. Kunena zoona, mwina sizikanasintha kanthu pa ndalama zake, chifukwa ndalama yotere imatapidwa kwa ejenti kapena kutumizidwa pa nambala zina patangopita mphindi zochepa, ndipo malipiro omaliza anali atagona kale masiku awiri. Koma nambala ikadziwika msanga ikhoza kutsekedwa anthu ena asanatumizepo. Dzina lotuluka pa uthenga nalo silitanthauza kuti wakuba wapezeka. Makadi a foni amalembetsedwa ndi chitupa cha unzika, koma achinyengo amagwiritsa ntchito makadi olembetsedwa m'mayina a anthu ena.

Cholakwa chachiwiri chinali chachikulu. Tinaganizira za ndalama, tinaiwala zithunzi. Patatha sabata, mlamu wake wa mayiyu, amenenso amachita geni ya usipa, anamuimbira kumuyamikira. Pa gulu lina la WhatsApp panali chithunzi cha nkhope ya mayiyu ndi mawu akuti walandira K600,000 ndipo akuthokoza. Mlamuyo anali atalankhula kale ndi bambo yemwe uja, pa nambala yatsopano, ndipo ankafuna kutumiza K18,000 tsiku lomwelo. Chinamupulumutsa ndi foni yoyamikirayo basi. Mayiyu anali asanauze aliyense chifukwa cha manyazi, ngakhale bambo a kunyumba, ndipo ife tinali titalemekeza zimenezo osaganizira kuti chinsinsi chake chikhoza kubetsa anzake. Tsopano aliyense amene watumiza chitupa ndi chithunzi timamuchenjeza tsiku lomwelo kuti nkhope yake ikhoza kusanduka nyambo, ndipo timaonetsetsa kuti za chitupazo zalembedwa m'dandaulo la ku polisi, kuti dzina lake likadzatulukira pa mlandu wina pakhale umboni wa tsiku limene anadandaula.

Zitatero anavomera kulankhula pa msonkhano wa banki m'khonde, mlangizi wathu ali pambali pake. Anapepesa chifukwa chonama pa za K60,000 ija. Gulu silinamukhululukire ngongoleyo, koma linamulola kubweza K72,000 m'miyezi iwiri popanda chindapusa. Pa msonkhano womwewo mayi wina anaulula kuti nayenso anatumizapo K18,000 miyezi ya m'mbuyomo n'kungokhala chete. Gululo linaika lamulo loti ngongole yopempha mwadzidzidzi pakati pa sabata izivomerezedwa ndi anthu atatu, ndipo mmodzi azifunsa kuti ndalamayo ikupita kwa yani.

Panabweranso foni ina patatha masabata awiri. Munthu anati ndi wapolisi wofufuza milandu ya ndalama, akuba aja agwidwa, ndipo K120,000 ibwezedwa mayiyu akatumiza K25,000 ya mafuta ndi zikalata. Ankadziwa ziwerengero zonse molondola, zimene zikusonyeza kuti anali a gulu lomwelo. Za foni yotere tinali titamuchenjeza pa msonkhano uja. Mayiyu anamufunsa dzina ndi polisi imene akugwirako ntchito kuti abwere yekha, ndipo foni inadulidwa.

Ngongole imene anatenga

Vuto limene linamutumiza kwa achinyengo linali likadalipo, ndipo mpamba unali utachepa ndi K60,000, kuwonjezera pa ngongole ya ku gulu. Tikanangomuchenjeza n'kumusiya, akanapita ku katapila. Anafunsira ngongole kwa ife. Malamulo a SACCO yathu amalola kubwereka mpaka katatu ka zimene wasunga, kutanthauza K330,000 pa K110,000 yake. Akanatapa K90,000 Lachisanu lija, m'buku mukanatsala K20,000 ndipo mwayi umenewu ukanatsikira pa K60,000.

Komiti inakambirana nthawi yaitali. Ena anati munthu amene wangotaya ndalama komanso ali ndi ngongole ku gulu asawonjezeredwe katundu. Ena anati mbiri yake ya zaka 3 ndi yoyera, ndipo geni ikuyenda. Mlangizi anapita ku doko, anaona thandala ndi kope lake la malonda, ndipo anawerengera K36,000 ya pa mwezi ya ku banki m'khonde ngati ndalama yotuluka. Komiti inavomereza K300,000, ndi mboni ziwiri za mamembala. Zonse zinatenga masiku 9, ndipo mdima umene ankathamangira uja unamudutsa.

Pa pepala la mgwirizano, limene anawerenga ndi kutenga kope lake asanasaine, panalembedwa zonse. Yoyendetsera ngongole 3 peresenti, K9,000. Inshuwalansi 1 peresenti, K3,000. Zonsezi zinadulidwa pa ngongoleyo, ndipo analandira K288,000. Kubweza kunali kwa miyezi 6, K50,000 pa mwezi kuphatikiza chiwongoladzanja cha 4 peresenti pa mwezi pa ndalama yotsala: K12,000 mwezi woyamba, K10,000 wachiwiri, kumatsika choncho mpaka K2,000 womaliza, zonse pamodzi K42,000. Ziwerengerozi ndi zathu za nthawi imeneyo, mabungwe ena ali ndi zawo. Mayiyu ananena poyera kuti ngongole yathu ndi yodula poyerekeza ndi ya m'kalata ija, ndipo sitinakane.

Anamaliza ya ku banki m'khonde pa nthawi yake. Ya ku SACCO anachedwa ndi masiku 5 mwezi wachinayi, mvula itamuwonongera usipa pa thandala, koma anaimaliza m'mwezi wa 6. Pa manambala atatu aja, awiri sanapezekenso titayesa kuwaimba patatha mwezi. Pa K120,000 sipanabwerere kanthu, ndipo pamene tikulemba lipotili sanaitanidwepo kukachitira umboni.